Mutu wa lipoti ndi chiganizo chapamwamba: ndithandizeni, abwana andibwezera kawiri

Nabanda: Moni nonse. Ndili ndi kavuto, ndipo ndikudziwa kuti muno muli akadaulo amene mwalemba malipoti otere kwa zaka. Lachiwiri lapitali, pa 4 Malichi, makasitomala athu analephera kulipira pa webusaiti yathu ya maoda. Tinakonza m'mawa womwewo. Ine ndi amene ndinali pa ntchito, choncho anandiuza kuti ndilembe lipoti. Mkati mwa lipotimo zonse zili bwino, masamba atatu, nthawi ndi nthawi zomwe tinachita. Koma abwana andibwezera kawiri chifukwa cha mizere iwiri yapamwamba yokha. Ndinalemba motere:

Mutu: Vuto la seva Lachiwiri
Mwachidule: Panali vuto pa seva yolipirira ndipo gulu lathu linagwira ntchito mwachangu mpaka linakonzedwa.

Iwo anangolemba kuti "sindikumva chimene chinachitika." Kachiwiri ndinawonjezera tsiku, anabwezanso. Kodi ndikulakwitsa pati?

Jere: Achemwali, mutu umenewo ndauwerengapo kasanu chaka chino, kungoti tsiku limasintha. Kwathu kuno tili ndi "Vuto la seva", "Vuto la seva 2" ndi "Vuto la seva lina lija".

Phiri wa Maseva: Nabanda, musadandaule, tonse tinayambira pomwepo. Ndisanakupatseni maganizo, ndiyankheni kaye mafunso awa. Kasitomala atakhala pa foni yake, ankaona chiyani kwenikweni? Webusaiti yonse inagwa, kapena mbali imodzi? Ndipo sevayo inazimadi?

Nabanda: Ayi aPhiri, seva sinazime. Webusaiti inkatseguka bwinobwino, munthu amasankha katundu, amafika polipira. Akasankha kulipira ndi khadi ndi pomwe ankaona `502 Bad Gateway`. Njira zina zolipirira zinkayenda.

Phiri wa Maseva: Ndiye mwaona, mutu wanu ukunena chinthu chomwe sichinachitike. Seva inalibe vuto. Chomwe chinakanika ndi kulipira ndi khadi, ndipo amenewo ndiwo mawu oyenera kuyamba mutu wanu. Ine lamulo langa ndi limodzi: mutu uzinena zimene wogwiritsa ntchito anakumana nazo, osati chipangizo chimene ife amisiri tinkachikayikira. Abwana anu sadziwa kuti muli ndi maseva angati, ndipo sakufuna kudziwa. Koma akamva kuti "kulipira ndi khadi kunakanika", nthawi yomweyo adziwa kuti ndi ndalama zomwe sizinalowe, adziwa makasitomala amene ayimbe foni modandaula, adziwanso amene ayenera kumuuza.

Chiganizo chanu chachidule nachonso chili ndi matenda omwewo. Chiwerengeni mofatsa. Chikunena za inuyo ndi gulu lanu, kuti munagwira ntchito mwachangu. Mwina n'zoona, koma munthu amene akutsegula lipoti sakufunsa zimenezo. Akufunsa kuti ndani anapwetekeka, kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa chiyani, ndipo zatha kapena zikadalipo. M'chiganizo chanu mulibe ngakhale limodzi mwa mayankho amenewa, kupatula mawu oti "linakonzedwa".

Tadala: Ine ndikuganiza kuti vuto ndi kaonekedwe. Kwathu mutu timaulemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha, pakati pa tsamba, ndipo pamwamba pake pamakhala KWA, KUCHOKERA KWA, TSIKU. Mukachita choncho abwana sangabweze. Ndikutumizireni fomu yathu?

Mayi Nkhoma: Tadala mwanawe, fomu si vuto apa. Ine ndili mbali ya owerenga, malipoti otere amandipeza pa imelo, ndipo ambiri ndimawaona pa foni ndili pakati pa misonkhano. "VUTO LA SEVA LACHIWIRI" ya zilembo zazikulu ingondikalipira basi, osandiuza kanthu. Ndikuuzeni chimene chimachitika kumbali kwathu. Pa foni mutu wa imelo umadulidwa, ndimaona mawu oyambirira ochepa okha. Ndiye munthu akayamba ndi "Lipoti la zomwe zinachitika pa nkhani ya..." malo onse atha asananene chilichonse. Ndikudziwa kale kuti ndi lipoti. Ikani chinthu chomwe chinawonongeka kutsogolo.

Chinanso, mizere iwiri imeneyo ndi imene ine ndimakopera n'kutumiza kwa akuluakulu anga. Masamba atatu aja sawerenga. Ngati chiganizo chanu sichingayime pachokha chitachotsedwa mu lipoti, ndiye kuti ndiyenera kuchilembanso ndekha, ndipo ine amene sindinalipo ndikalemba molakwika.

Chisomo K: Ndikugwirizana ndi aPhiri pang'ono, koma ine ndimaika choyambitsa m'mutu momwemo. Mwachitsanzo "Kusintha kwa pulogalamu kunagwetsa malipiro". Munthu akuona nthawi imodzi chomwe chinachitika ndi chifukwa chake. Nabanda, chinayambitsa n'chiyani?

Nabanda: Apo ndiye pali nkhani. Poyamba tonse tinkaganiza zomwe mwanenazo. Mnzathu wina anali ataika pulogalamu yatsopano 09:05 m'mawa womwewo, ndiye aliyense analoza pamenepo. Pa 09:55 tinabwezera pulogalamu yakale, koma palibe chinasintha. Kenako titawerenga malogi bwino tinapeza mawu oti `certificate has expired`. Inali setifiketi imene seva yathu imaonetsa ku kampani yoyendetsa malipiro a makadi kuti itizindikire. Inali itatha nthawi. Titaika yatsopano 10:31 zonse zinayenda.

Phiri wa Maseva: Chisomo, ndimuthokoze Nabanda chifukwa wakuyankha m'malo mwanga. Tikanatsegula lipotili 09:45 ndi mutu wakowo, bwenzi lero bungwe lonse likudziwa kuti pulogalamu yatsopano ndi imene inagwetsa malipiro, ndipo aliyense akudziwa amene anaiika. Mutu umayenda mofulumira kuposa lipoti. Umalowa m'maimelo, m'matikiti, m'mauthenga a pa gulu, m'kamwa mwa anthu. Ukadzaukonza madzulo, wakale uja wafika kale kutali, ndipo mnyamata uja adzakhala akudziyeretsa mwezi wathunthu pa mlandu womwe si wake.

Zimene kasitomala anaona sizisintha. Kulipira ndi khadi kunakanika 09:45, ndipo ngakhale patapita chaka zidzakhalabe zoona. Choyambitsa ndi chimene chimasinthasintha pamene mukufufuza. N'chifukwa chake ine chosasinthacho ndimachiika m'mutu, chosinthacho ndimachiika m'chiganizo chapansi, pomwe n'kosavuta kukonza popanda kusokoneza dzina limene anthu akuitanira nkhaniyo.

Chisomo K: Pa lipoti lotsegulidwa moto ukuyaka, ndavomera. Koma la Nabanda ndi lomaliza, choyambitsa chatsimikizika. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi wina akadzafuna kudziwa kuti masetifiketi atipweteka kangati, adzalemba mawu oti "setifiketi" pofufuzira. Ngati sali m'mutu, m'ndandanda wa malipoti sadzaona kanthu.

Phiri wa Maseva: Mfundo yako ili ndi mutu, sindikuitaya. Koma taganizira munthu amene adzafufuze usiku zinthu zitavutanso. Iye sadziwa kuti ndi setifiketi, akanadziwa sakanafufuza. Chimene ali nacho m'manja ndi chizindikiro: makadi akukana, `502` ikuoneka. Adzalemba "khadi" kapena "kulipira". Wofufuza wako wa miyezi isanu ndi umodzi uja ali ndi nthawi, ali ndi khofi, angathe kufufuza m'kati mwa malipoti. Wausikuyo alibe.

Chisomo K: Ndiye tiike zonse ziwiri. "Kulipira ndi khadi kunakanika: setifiketi inatha nthawi". Si wautali.

Mayi Nkhoma: Umenewo ine ndingaulandire, bola choyambitsacho chikhale kumapeto ndipo chiwonjezedwe lipoti likatsekedwa. Foni ikadula, idule chimenecho.

Phiri wa Maseva: Ine ndikanakana ndithu, koma pa chifukwa china. "Setifiketi inatha nthawi" ikumveka ngati nkhani yathera pomwepo. Setifiketi iliyonse imatha, tsiku lake limalembedwa m'kati mwake kuyambira pomwe inapangidwa. Funso lenileni ndi loti bwanji palibe chinachenjeza. Mukaika choyambitsa chimodzi m'mutu, owerenga amasiya kufunsa. Koma izi tikangana mpaka mawa, malo ena amachita monga akunenera Chisomo ndipo zimawayendera. Tiyeni timuthandize Nabanda pa manambala. Nabanda, vutoli linatenga nthawi yaitali bwanji?

Nabanda: Mphindi 51. Kuyambira 09:40 mpaka 10:31.

Phiri wa Maseva: 09:40 chinachitika n'chiyani?

Nabanda: Ndi pomwe a kolandirira mafoni anatiuza kuti makasitomala akudandaula.

Phiri wa Maseva: Imeneyo ndi nthawi imene inuyo munamva, si nthawi imene vuto linayamba. Ngati fayilo ya setifiketi yakale ikadalipo, yesani ichi:

```
openssl x509 -enddate -noout -in cert.pem
```

Pomwe pali `cert.pem` ikani dzina la fayilo yanu. Ikupatsani mzere woyamba ndi `notAfter=`, ndipo nthawi yake imakhala ya GMT, choncho muisinthe kuti igwirizane ndi wotchi yanu. Kenako muyang'ane m'malogi kuti khadi loyamba kukanidwa linali nthawi yanji.

Nabanda: Mayo ine. Yalemba `notAfter=Mar  4 07:12:00 2025 GMT`. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye ndi 09:12. M'malogi kulephera koyamba kulinso 09:12. Ndiye kuti ndi mphindi 79, osati 51.

Jere: Mphindi 28 zinangosowa ngati cholembera cha mu ofesi.

Phiri wa Maseva: Ndipo mphindi 28 zimenezo ndizo phunziro lalikulu la lipoti lanu, chifukwa zikusonyeza kuti makasitomala ndi amene anakuuzani, osati zida zanu zoyang'anira. Kulakwitsa kumeneku n'kofala kwambiri m'chiganizo chapamwamba. Pali nthawi zitatu zosiyana: pomwe vuto linayamba, pomwe munalizindikira, ndi pomwe linatha kwa kasitomala. Nambala ya pamwamba iwerengedwe kuchokera pa yoyamba kufika pa yachitatu. Mukalemba 51, kasitomala mmodzi akadzabwera ndi chithunzi cha foni yake cha 09:20, lipoti lonse lataya chikhulupiriro, ngakhale masamba ena onse ali oona.

Muonenso chifukwa chake munakayikira pulogalamu ija. Inaikidwa 09:05, vuto linayamba 09:12. Mphindi 7 zokha pakati. Aliyense akanakodwa.

Mbewe wa Fakitale: Pepani kulowerera, ine si wa makompyuta, ndimayang'anira chitetezo pa fakitale. Koma nkhaniyi ikundikhudza. Mwezi watha ndinalandira lipoti la mutu woti "Kusasamala kwa dalaivala wa folokolifiti". Nditawerenga m'kati, zinali zoti phaleti inagwa kuchokera pa shelefu yachitatu pamene ankaitsitsa, inagwera panjira yodutsa anthu, mwamwayi panalibe munthu. Titakayendera tinapeza kuti thabwa limodzi la pansi pa phaletiyo linali lothyoka kale. Dalaivala analibe mlandu. Koma mutu uja unali utapita kale kwa akuluakulu, ndipo mpaka lero pa msonkhano amati "nkhani ya dalaivala ija". Ndinausintha kukhala "Phaleti inagwa pa shelefu yachitatu, nyumba yosungira katundu B, palibe wovulala". Funso langa ndi lakuti, mawu oti "palibe wovulala" ayenera kukhala m'mutu kapena pansi?

Mayi Nkhoma: Bambo Mbewe, asiyeni m'mutu momwemo. Ndikaona mawu oti "inagwa" mtima umayamba kuthamanga, ndipo funso langa loyamba ndi la munthu. Musandidikiritse mpaka nditsegule.

Phiri wa Maseva: Ndikugwirizana ndi mayi. Pa ntchito yanu, bambo Mbewe, kuvulala ndiye muyeso wa kukula kwa nkhani, monga momwe mphindi ndi makasitomala zilili kwa ife. Chenjezo langa ndi limodzi: mulembe choncho pokhapokha mwafunsadi onse amene anali pafupi. Munthu amatha kunena kuti ali bwino, mawa lake n'kudzuka msana ukuwawa. Ndipo m'chiganizo chapansi munene kuti inagwera panjira ya anthu, kuopa kuti "palibe wovulala" angagonetse owerenga tulo n'kuiona nkhaniyo ngati yaing'ono.

Mbewe wa Fakitale: Zoona, poti chomwe chinandiopsa ine ndi njirayo. Pakanapita mphindi ziwiri anthu akanakhala akudutsa popita kopuma. Ndikaika pansipo.

Nabanda: Ndayesanso. Nayi:

Mutu: 04/03/2025 Kulipira ndi khadi kunakanika pa webusaiti ya maoda
Mwachidule: Malipiro 40 pa 100 aliwonse analephera kwa mphindi 79 chifukwa cha setifiketi, ndipo makasitomala 212 anakhudzidwa.

Chisomo K: Zasintha kwambiri. Koma tsikulo lisintheni. 04/03/2025 ena aliwerenga 4 Malichi, ena 3 Epulo, makamaka ngati lipotili lipita ku kampani ya makadi ija kapena mapulogalamu anu amaika mwezi patsogolo. Lembani 2025-03-04, chaka, mwezi, tsiku, monga mwa ISO 8601. Ubwino wina ndi woti mafayilo akayamba ndi tsiku lotere amadzisanja okha mwa nthawi yake mufoda.

Mayi Nkhoma: Pa dzina la fayilo inde. Pa mutu wa imelo tsikulo likundidyera malo khumi oyambirira. Liikeni kumapeto.

Chisomo K: Chabwino mayi, fayilo kutsogolo, imelo kumapeto. Sitikangana.

Phiri wa Maseva: Nabanda, tsopano manambala awiriwo. 40 pa 100 mwaipeza bwanji?

Nabanda: M'mphindi 79 zija anthu anayesa kulipira ka 530 pa njira zonse. Zolephera zinali 212. Ndiye 212 pa 530 ndi 40 pa 100.

Phiri wa Maseva: Masamu ali bwino, koma chithunzi chomwe akupereka n'cholakwika. Ine ndikawerenga "40 pa 100 analephera" ndimaganiza za vuto lobwera n'kumapita, loti munthu akayesa kawiri kapena katatu zimatheka. Kodi mwa omwe anayesa ndi khadi, alipo amene anadutsa?

Nabanda: Palibe. Zonse 212 zinali za khadi, ndipo zonse zinakanidwa. 318 zinazo zinali za njira zina, zonse zinadutsa.

Phiri wa Maseva: Ndiye nenani choncho: malipiro onse a khadi analephera, njira zina sizinakhudzidwe. N'zomveka bwino kuposa peresenti, ndipo zikumuuza mmisiri wa mawa kumene angayambire. Chachiwiri, mwalemba makasitomala 212, koma mwangonena kumene kuti 212 ndi maulendo oyesa. Munthu khadi likamukanira amayesanso, ena katatu. Werengani anthu, osati kudina.

Nabanda: Ndawerenga maakaunti osiyana, ndi 140.

Jere: Ndiye kuti anthu 72 amene munawaika mu lipoti kulibe. Achemwali mukulenga anthu.

Nabanda: Achimwene Jere ndisiyeni, ndatopa kale.

Tadala: Koma ine ndikufunsabe. Bwanji osangolemba ndime yonse yachidule, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi? Chiganizo chimodzi chikukupanikizani chabe, n'chifukwa chake mukuvutika chonchi.

Phiri wa Maseva: Funso labwino, Tadala, ndipo ndime yoteroyo ikhoza kubwera pansi pake, palibe choletsa. Koma taona zomwe kupanikizikako kwatulutsa lero. Pofuna kulemba nambala imodzi ya nthawi, Nabanda wapeza mphindi 28 zomwe zinabisala. Pofuna nambala imodzi ya anthu, wapeza kuti ankawerenga kudina. M'ndime yaitali ukhoza kulemba 09:40 apa, "m'mawa" apo, "makasitomala ambiri" pena, osazindikira kuti sukudziwa yankho. Ine ndikalephera kulemba chiganizo chimodzicho, nthawi zambiri si vuto la chilankhulo, ndi loti nkhaniyo sindinaimvetse.

Mayi Nkhoma: Ndiwonjezere mawu amene ndimadana nawo m'chiganizo chimenecho: "ena", "pang'ono", "kwa kanthawi", "vuto laling'ono". Amene amaweruza kuti ndi laling'ono ndine wowerenga, mutandipatsa manambala. Wolemba akanena yekha kuti laling'ono ndimayamba kukayikira kuti akubisa chiyani. Chimodzimodzi "vuto lalikulu kwambiri" ndi zizindikiro zofuulira zitatu. Ngati kuntchito kwanu muli ndi magulu a kukula kwa vuto, monga `SEV1` ndi `SEV2`, ikani chizindikirocho pamalo pake, basi.

Chisomo K: Ifenso timaika `SEV2` kutsogolo kwa mutu.

Phiri wa Maseva: Zimathandiza amene akudziwa tanthauzo lake, koma nachonso chimasintha. Nkhani imayamba ngati `SEV3` n'kukwera. Ine ndimakonda chikhale m'kabokosi kake pambali pamodzi ndi nambala ya tikiti. Koma tsatirani mwambo wa kuntchito kwanu, si nkhani yofera.

Nabanda: Kachitatu:

Mutu: Kulipira ndi khadi kunakanika pa webusaiti ya maoda, 2025-03-04
Mwachidule: Kuyambira 09:12 mpaka 10:31 (mphindi 79) malipiro onse a khadi analephera kwa makasitomala 140 chifukwa setifiketi yolumikizira ku kampani ya makadi inatha nthawi, tinaika yatsopano, zonse zili bwino ndipo palibe amene anadulidwa ndalama.

Mayi Nkhoma: Ichi ndiye ndingatumize kwa akuluakulu osasintha kanthu. Koma mwanawe, mawu omalizawo. "Palibe amene anadulidwa ndalama." Mwatsimikiza, kapena mukuganiza? Chifukwa ine ndikawabwereza pamaso pa anthu, ndipo akadzapezeka mmodzi yekha wodulidwa, manyazi adzakhala anga.

Nabanda: Kunena zoona, mayi, pali maoda 9 amene akuonekabe `pending` m'dongosolo lathu. Anayambika chakumayambiriro kwa vutoli. A zachuma akuyerekeza ndi mndandanda wa kampani ya makadi, sanamalize. Ndimaganiza kuti sanadulidwe poti kulumikizana kunkakanika.

Phiri wa Maseva: Mwina mukulondola, koma oda imene inayamba 09:11 n'kutsala m'njira ikhoza kukhala kuti mbali ina inadula ndalama, yankho lokha ndi limene silinabwerere kwa inu. Simudziwa mpaka a zachuma amalize. Ndiye chotsani "zonse zili bwino", chotsaninso "palibe amene anadulidwa", mulembe chomwe chilipo: maoda 9 akuunikidwabe. Mbali yomaliza ya chiganizo ndi imene imamuuza wowerenga ngati angaiwale nkhaniyi kapena ayembekezere uthenga wina. Mukamuuza kuti zatha pamene zisanathe, sadzafunsanso, ndipo anthu 9 aja adzatsala okha.

Ndingachepetsenso pang'ono. "Tinaika yatsopano" ikhoza kutsikira m'munsi, poti 10:31 yanena kale kuti kulipira kunabwerera. Ine ndikanalemba motere:

Kuyambira 09:12 mpaka 10:31 (mphindi 79) malipiro onse a khadi analephera kwa makasitomala 140 chifukwa setifiketi yolumikizira ku kampani ya makadi inatha nthawi; kulipira kwabwerera, koma maoda 9 akuunikidwabe ngati anadulidwa ndalama.

Muwerenge mokweza. Ngati mpweya ukuthera pakati, ndiye kuti mwalongedza zambiri.

Jere: Chiganizo chimodzi chokhala ndi kachizindikiro kopumira pakati, aPhiri, si ziganizo ziwiri zovala malaya amodzi zimenezo?

Phiri wa Maseva: Wandigwira. Ndimalola kamodzi kokha. Ukaona kachiwiri, dziwa kuti munthu akulemba ndime mozemba.

Chisomo K: Nanga "njira zina sizinakhudzidwe" yapita kuti? Munanena nokha kuti ndi yofunika.

Phiri wa Maseva: Mawu oti "a khadi" akuinyamula, mutu wanenanso khadi. Ikhale chiganizo choyamba cha ndime yotsatira. Sizingalowe zonse.

Chisomo K: Ine ndikanachotsa "mphindi 79" m'malo mwake, poti nthawi ziwirizo zilipo, munthu awerengetsa yekha.

Mayi Nkhoma: Ayi, musandipatse masamu pa foni. Ngati pali chochotsa, chotsani 09:12 ndi 10:31, mundisiyire 79.

Phiri wa Maseva: Koma a kolandirira mafoni akufuna nthawizo, kuti kasitomala akati "ndinalephera cha m'ma 9 koloko" adziwe ngati ndi nkhani yomweyi kapena ina. Owerenga ndi awiri, n'chifukwa chake ndasiya zonse. Nabanda, ngati lipotili lituluka kupita kwa anthu a dera la nthawi ina, muwonjezere kuti ndi UTC+2, apo ayi adzayerekeza ndi malogi awo n'kupeza kuti 09:12 kunalibe vuto lililonse.

Mbewe wa Fakitale: Funso lomaliza kwa ine. A zachuma akamaliza, Nabanda asinthe chiganizocho kapena alembe lipoti lina?

Phiri wa Maseva: Asinthe chiganizo chomwecho, mutu ausiye momwe ulili, ndipo pansi pake alembe tsiku ndi nthawi imene wasintha. Amene anawerenga kale adziwe kuti pali chatsopano. Lipoti lachiwiri la nkhani imodzi limabala "Vuto la seva lina lija" la Jere.

Tadala: Fomu ija ndatumizabe ku inibokosi kwanu achemwali, mwina idzathandiza tsiku lina.

Nabanda: Zikomo Tadala, ndailandira. Ndatumiza lipoti ndi mutu wachitatu uja ndi chiganizo cha aPhiri, ndawonjezera UTC+2. Setifiketi sindinaiike m'mutu, Chisomo mundikhululukire, ndaiika m'mawu ofufuzira a pa tikiti. Abwana ayankha pasanathe mphindi khumi, ulendo uno sanabweze. Angofunsa kuti maoda 9 aja adziwika liti, ndiponso kuti n'chifukwa chiyani tinamva 09:40 pamene zinayamba 09:12. Loyambalo ndawalozera kwa a zachuma. Lachiwirili ndilibe yankho labwino, ndikupita kukaona ngati pali setifiketi ina imene ikutha mwezi uno.

Chisomo K: Mukaipeza mudzatiuze. Ndipo likadzatsekedwa lipotilo ndidzabweranso pa nkhani ya mutu ija, sindinagonje.